Vuto lili kuseri kwa mphuno, lekani kutokosa khutu

Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno ku Joni kwafika ndi chimfine monga mwa chaka chilichonse, koma chimene chikundidetsa nkhawa chaka chino ndi kuchuluka kwa abale athu amene akudzivulaza makutu ndi manja awo. Munthu wadwala chimfine masiku atatu, khutu latseka ngati mwalowa madzi, mawu ake omwe akuwamva ngati akuyankhulira m'chidebe. Basi watenga kamtengo ka machesi, wina kathonje ka pamtengo, wina wafunditsa mafuta ophikira ndi adyo nkuthira m'khutu. Kumudzi tinkachita ndi nthenga ya nkhuku, ndipo chizolowezicho tawoloka nacho pa Beitbridge. Abale anga, pamene patsekapo kamtengo sikangafikepo, mafutanso sangafikepo.

Bowo la khutu limene mumalowetsamo chala limathera pa kachikopa kopyapyala kokungika ngati ng'oma. Palibe njira yopitirira pamenepo. Kuseri kwa kang'omako kuli kachipinda kakang'ono kodzaza mpweya, momwe muli tifupa titatu totumiza mawu mkati. Mpweya wa m'kachipindako sulowera kubowo la khutu ayi. Umachokera kuseri kwa mphuno, pamwamba pa mmero, kudzera m'kachubu kopapatiza kotalika pafupifupi masentimita 3.5 mwa munthu wamkulu. Madokotala amakatcha kachubu ka Yusiteshiyani, potengera dzina la katswiri wa ku Italy wa zaka za m'ma 1500 amene anakafotokoza.

Kachubuka nthawi zambiri kamakhala kotseka. Kamatseguka kamphindi kochepa mukamameza malovu kapena kuyasamula, chifukwa minofu ya kumwamba kwa m'kamwa imakakoka. Kaphokoso kakuti "thi" kamene mumamva m'makutu pomeza ndi komweko. Kufunika kwake ndi uku: khungu la m'kachipinda kaja limamwa mpweya pang'onopang'ono tsiku lonse, ndiye pamafunika kuti wina uzilowa kubwezeretsa umene wapita. Tsono chimfine chikagwira, khungu la m'mphuno limatupa ndi kutulutsa mamina, ndipo khungu lomwelo ndi limene layala m'kachubu. Kanjira kopapatiza kale kakatupa, mumameza koma sikatseguka. Mpweya wa mkati ukucheperachepera, wa kunja ukukankha monga mwa masiku onse, kang'oma kaja kamakokekera mkati nkuuma gwa. Ng'oma yokanikizidwa ndi dzanja silira bwino, nchifukwa chake mawu a anzanu amamveka patali pomwe anu amamveka mokweza m'mutu. Zikakhalitsa masiku angapo, timadzi timayamba kudikha m'kachipindako, ndipo mumamva kukhuvula mukapendeketsa mutu.

Ndiye mafuta anu aja apita kuti? Aima kunja kwa kang'oma, anyowetsa phula la m'khutu, ndipo kamtengo kabwera kudzalisindira mkati. Munali ndi vuto limodzi, tsopano alipo awiri.

Bambo wina wa kwathu ku Mangochi, amene amalima sipinachi ndi kabichi pa ploti ina cha ku Midrand, anazionera yekha mwezi wathawu. Amathirira mbewu m'mamawa chisanu chili mbuu, usiku nkugona pafupi ndi mbaula, utsi wake nkumawonjezera kutupa kwa m'mphuno. Khutu lakumanja litatseka anathira mafuta a adyo masiku awiri, kenaka nkumatokosa ndi machesi kuti "zotsekazo" zituluke. Anakanda khungu la m'bowo, bala linalowa tizilombo, pofika tsiku lachisanu khutu linali litatupa moti ngakhale kuligwira kunja ankalumpha. Anajomba kuntchito masiku anayi, ndipo amalipidwa patsiku. Wonjezanipo ya takisi yopitira ku kiliniki. Atachira anati: "Ine ndimaganiza kuti chimene chatseka chili pakhomo pomwepa." Mwayi wake kang'oma sanakaboole. Ena amakaboola, ndipo pamenepo chilichonse chimene mwathira chimalowa mpaka m'kachipinda ka mkati.

Kusiyanitsa kwake sikovuta. Ngati khutu latseka pamodzi ndi chimfine, nkumatseguka pang'ono mukameza kapena kuyasamula kenaka nkutsekanso, vuto ndi kachubu. Ngati mukakoka khutu kunja kapena kudinikiza kanyama ka pakhomo pa bowo mukumva kuwawa, ndiye kuti bowo lenilenilo ndi limene ladwala, kawirikawiri chifukwa cha kutokosa komweku.

Palinso kumina mwaukali, kotseka mphuno zonse ziwiri nkupemerera ndi mphamvu zonse mpaka maso kufiira. Kumeneko kukhoza kukankhira mamina okhala ndi tizilombo m'kachubu mpaka kukafika kuseri kwa kang'oma. Minani mbali imodzi, mwakachetechete, kenaka inayo.

Za ulendo ndinenepo pang'ono, poti ambiri timayenda. Joni ali pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere. Mukamatsika ndi basi kupita ku Durban kudzera pa Van Reenen, kapena ndege ikamatera ku Chileka kapena ku Lilongwe, mpweya wa kunja umanka ukukulira mphamvu ndipo kachubu kayenera kulowetsa wina mkati. Potsika ndi pamene pamavuta kuposa pokwera. Wa chimfine asagone tulo nthawi imeneyo, azitafuna chingamu ndi kumwa madzi pang'onopang'ono, ndipo khanda liziyamwa. Kachubu ka ana nkakafupi ndiponso kogona chopingasa, nchifukwa chake chimfine chawo sichichedwa kusanduka matenda a khutu.

Chochita tsono, mwachidule: samalani mphuno, khutu lisiyeni. Wiritsani madzi, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda, musungunule theka la tisipuni ya mchere m'kapu ya mamililita 250. Donthezerani m'mphuno katatu kapena kanayi patsiku, ndipo tsiku lililonse muzipanga atsopano. Mezani malovu mutatsina mphuno. Zikakanika, tsinani mphuno, tsekani pakamwa, mupemerere pang'ono chabe ngati mukuuzira kandulo patali, ndipo mukamva kuwawa lekani pomwepo. Mankhwala opopera m'mphuno a ku famase, a mtundu wa okisimetazolini, amaphwetsa kutupa msanga, koma musapitirize nawo kuposa masiku atatu kapena asanu, chifukwa mukawazolowera mphuno imatseka kuposa kale. A BP ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa wa ku famase, ndipo ana aang'ono musawapopere a akuluakulu. Maantibayotiki otsala kwa mnzanu satsegula kachubu, popeza chimfine chimayamba ndi mavairasi.

Chimfine chikatha khutu likhoza kutsalira sabata imodzi kapena ziwiri, zimenezo zisakuopseni. Pitani ku kiliniki ngati khutu likupweteka kwambiri, thupi latentha, mukutuluka mafinya kapena magazi, mukumva chizungulire, kuseri kwa khutu kwatupa, kapena khutu limodzi lakhala lotseka kupitirira masabata atatu. Ndipo ngati khutu limodzi lagontha mwadzidzidzi, kumeza osasintha kanthu, makamaka popanda chimfine, pitani tsiku lomwelo, chifukwa vuto likhoza kukhala la mtsempha wa kumva, ndipo mankhwala ake amathandiza akayambidwa m'masiku oyambirira.