Momwe mungapemphere mwaulemu m'Chifalansa: nenani je voudrais, musanene je veux

Munthu akayamba kuphunzira Chifalansa, mneni vouloir, kufuna, amakhala m'gulu la aneni oyambirira kuloweza: je veux, tu veux, il veut. Vuto limabwera akautenga n'kupita nawo kusitolo kapena kuofesi. Kwathu kuno ukanena kuti "ndikufuna sopo" pagolosale palibe amene amadabwa, koma ku Falansa, ku Belgium kapena ku Switzerland kuuza wogulitsa kuti je veux du savon kumamveka ngati kulamula, kapena ngati mwana amene akuumirira chinthu. Makolo akumeneko amadzudzula ana awo pa mawu omwewa. Munthu wamkulu amati je voudrais. Kalankhulidwe kameneka aphunzitsi a Chifalansa amakatchula kuti conditionnel présent, ndipo kuti mupemphe nako bwino simufunika kudziwa aneni ambiri. Anayi okha akukwanirani: vouloir, aimer, pouvoir ndi avoir.

Gawo loyamba: dziwani mmene mawuwo amapangidwira

Conditionnel ili ndi zidutswa ziwiri. Kutsogolo kumakhala tsinde lomwe lija la nthawi yam'tsogolo, limene nthawi zonse limathera ndi r. Kumapeto mumaikako mathero a nthawi yakale yotchedwa imparfait, omwe ndi awa: -ais kwa je ndi tu, -ait kwa il kapena elle, -ions kwa nous, -iez kwa vous, ndi -aient kwa ils kapena elles. Mathero amenewa sasintha pa mneni aliyense, ndiye mukawaloweza kamodzi mwathana nawo.

Kwa aneni ambiri tsindelo ndi mneni wathunthu monga alili mudikishonale. Aimer amapereka j'aimerais, souhaiter amapereka je souhaiterais. Ngati mneniyo akuthera ndi -re, chotsani e wakumapetoyo: prendre amakhala je prendrais. Koma aneni amene timapemphera kwambiri ndi omwe ali ndi matsinde awoawo, ndipo amenewa palibe njira ina koma kuwaloweza. Vouloir tsinde lake ndi voudr-, pouvoir ndi pourr- wokhala ndi ma r awiri, avoir ndi aur-, ndipo être ndi ser-.

Gawo lachiwiri: sankhani mneni woyenera pempho lanu

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa aneni anayi opemphera aja sagwira ntchito imodzi.

Je voudrais ndi wopemphera chinthu kapena ntchito imene winayo alipo kuti akupatseni. Mungatsatize dzina la chinthu, monga je voudrais un café, kapena mneni wina wosasinthidwa, monga je voudrais parler au directeur, kutanthauza kuti mukupempha kulankhula ndi mkulu wa pamalopo. Uyu ndiye wa kusitolo, kulesitilanti, kubanki ndi kusiteshoni.

J'aimerais amafanana naye koma amapendekera ku chikhumbo cha mumtima. J'aimerais vous poser une question ndi njira yofatsa yopempha mpata wofunsa funso. Samalani kuti musasokoneze ndi j'aime. Mukauza wogulitsa kuti j'aime ce pagne mwangomuuza kuti chitenjecho chakusangalatsani, simunapemphe kanthu.

Pourriez-vous ndi wopempha munthu wina kuti achite chinthu: pourriez-vous m'aider, mungandithandizeko. Pouvez-vous m'aider si mwano ayi, ndipo anthu amanena tsiku lililonse, koma pourriez-vous amamusiyira munthuyo mpata wokana, n'chifukwa chake amayenera kwa mlendo, kwa bwana kapena pamene chimene mukupemphacho n'cholemetsa. Kwa mnzanu amene mumamutchula tu mumati tu pourrais m'aider. Ngati ndinu amene mukupempha chilolezo, nenani est-ce que je pourrais.

Auriez-vous ndi wofunsa ngati munthu ali ndi chinthu chimene simukutsimikiza kuti chilipo: auriez-vous un stylo, kodi mungakhale ndi cholembera. Ine ndimaona kuti uyu ophunzira ambiri amamunyalanyaza, chikhalirecho ndi amene amathandiza kwambiri munthu akakhala paulendo.

Gawo lachitatu: yambani ndi moni, malizani ndi s'il vous plaît

Conditionnel payokha sikwanira. Ku Falansa mukalowa m'sitolo n'kuyamba ndi je voudrais osanena bonjour, ulemu wonse wa mneni uja wapita pachabe, ndipo nthawi zina wogulitsayo amakuyankhani ndi bonjour wotsindika kuti mumve kuti mwalumpha kanthu. Dongosolo lake ndi ili: bonjour, kapena bonsoir kukada, mwina n'kuwonjezera madame kapena monsieur, kenako pempho, kenako s'il vous plaît, ndipo mukalandira, merci. Munthu amene simukumudziwa mutchuleni vous, ngakhale akhale wamng'ono kwa inu, pokhapokha ngati ndi mwana.

Tiyeni tione zonsezi zikugwira ntchito pamalo amodzi. Tinene kuti muli pasiteshoni ya Gare de Lyon mumzinda wa Paris, mukufuna tikiti ya sitima yothamanga ya TGV yopita ku Lyon, ulendo wa maola pafupifupi awiri. Yafika nthawi yanu pawindo logulitsira matikiti, ndipo kuseriko kuli mayi.

Mumayamba motere: Bonjour madame, je voudrais un aller-retour pour Lyon, s'il vous plaît. Aller-retour ndi tikiti yopita ndi kubwera, pamene yongopita yokha ndi aller simple. Mayiyo akufunsani tsiku ndi nthawi. Apa conditionnel ikhoza kubweranso: j'aimerais partir demain matin, ndikanakonda kunyamuka mawa m'mawa. Mukufuna mpando wa kuzenera koma simukudziwa ngati ilipo yotsala, ndiye mneni wake ndi avoir: auriez-vous une place côté fenêtre ? Mayiyo akuyankha mofulumira, akutchula nthawi ndi mtengo, inu mwangogwirapo mawu awiri okha. Musagwedeze mutu ngati mwamva, chifukwa mudzakwera sitima yolakwika. Mupempheni kuti abwereze pang'onopang'ono: pourriez-vous répéter plus lentement, s'il vous plaît ? Ngati manambala akukuvutanibe, pourriez-vous me l'écrire ? ndiye kuti akulembereni papepala. Pomaliza mukufuna kulipira ndi khadi la kubanki, ndipo popeza wochitayo ndinu, mumati est-ce que je pourrais payer par carte ? Mukalandira tikiti, merci madame, bonne journée.

Onani kuti pa macheza onsewo mafunso apangidwa m'njira ziwiri. Ina ndi yotembenuza, mneni patsogolo, vous pambuyo, pakati kamzere: pourriez-vous, auriez-vous. Ina ndi yoyamba ndi est-ce que osatembenuza kanthu. Zonse n'zolondola. Pa je, kutembenuza kumapereka pourrais-je, amene amamveka wa m'kalata kwambiri, ndiye polankhula est-ce que je pourrais ndi wosavuta komanso wachizolowezi.

Gawo lachinayi: konzani katchulidwe, makamaka r

Mathero -ais, -ait ndi -aient onse amatchulidwa mofanana, ngati e wotsegula pakamwa, ndipo zilembo zakumapetozo sizimveka. Je voudrais amamveka pafupifupi ngati "vudre", pourriez ngati "purye", ndipo mu j'aimerais e wapakatiyo nthawi zambiri amamezedwa, n'kumveka "zhemre".

Ife olankhula Chichewa tili ndi msampha wathuwathu. Pakamwa pathu l ndi r amalowana, komanso timakonda kulowetsa lembo la liwu pakati pa d ndi r. Zikatero voudrais amatuluka ngati "vudile", kapena amaterereka n'kukhala voulais, womwe ndi mneni wa nthawi yakale, ndinkafuna. R yemweyo ndi amene amasiyanitsa j'aimerais ndi j'aimais, komanso pourriez ndi pouviez. Sikuti mpaka mukhale ndi r wa kukhosi wa anthu a ku Paris, pakuti ambiri olankhula Chifalansa ku Lubumbashi kapena ku Bujumbura amamutchula ndi nsonga ya lilime ndipo amamvedwa bwinobwino. Chofunika n'choti amveke kuti ndi r. Dzijambuleni pafoni mukunena voulais ndi voudrais motsatizana, kenako mvetserani ngati mawu awiriwo akusiyana.

Gawo lachisanu: polemba, musaiwale s

Pakalata kapena pamayeso cholakwa chofala ndi kulemba je voudrai, j'aimerai kapena je pourrai. Popanda s ameneyo mwalemba nthawi yam'tsogolo, ndidzafuna, ndidzatha, osati pempho. Khutu silingakuthandizeni kwenikweni, chifukwa Afalansa ambiri amatchula ziwirizi mofanana, ndipo nawonso amalakwitsa polemba. Njira yodziwira ndi kusintha je kukhala nous. Ngati chiganizo chikumveka bwino ndi nous voudrions, ndiye ndi conditionnel, lembani voudrais. Ngati chikufuna nous voudrons, ndi zam'tsogolo, s asakhalepo. Tengani chiganizo chopempha tsiku lokaonana ndi munthu, je souhaiterais obtenir un rendez-vous. Mukayesa nous souhaiterions obtenir un rendez-vous chikugwira, choncho s akhalepo.

M'makalata a kuofesi mudzakumananso ndi être: je vous serais reconnaissant de bien vouloir me répondre, ndidzathokoza mukandiyankha. Wolemba akakhala wamkazi amawonjezera e, reconnaissante. Apanso serais ali ndi s.

Lamulo lina loti musaliphwanye ndi la si wotanthauza "ngati". Pamene si akutchula chinthu choyenera kuchitika kuti china chichitike, pambuyo pake sipabwera conditionnel. Munthu wofuna kuchulutsa ulemu amalemba si vous pourriez m'aider, ce serait gentil, koma cholondola ndi si vous pouviez m'aider, ce serait gentil. Imparfait ikhale kumbali ya si, conditionnel kumbali inayo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: dziwani pamene sikufunika

Musaike conditionnel pa chiganizo chilichonse mpaka kutopetsa womvera. Pogula buledi, bonjour, une baguette, s'il vous plaît ndi ulemu wokwanira, ndipo mulesitilanti anthu ambiri amangoti je vais prendre le poisson, nditenga nsomba. Je veux nayenso ali ndi malo ake. Mumamugwiritsa ntchito pofotokoza cholinga chanu, monga je veux devenir infirmière, kapena pamene mwadala mukufuna kulimbitsa mawu chifukwa mwapempha kangapo osathandizidwa. Ndipo wina akakufunsani vous voulez du thé ?, yankho laulemu lovomera ndi oui, je veux bien, merci. Kamawu koti bien kamachotsa kulamula konse, n'kusiya tanthauzo lakuti inde, ndilandira mokondwa. Pokana ingonenani non, merci, ndipo samalani ndi merci payekha, chifukwa wokupatsaniyo akhoza kumva ngati mwakana tiyiyo.