Matsenga a m'nthano akhale ndi mtengo wake

"Ndikulemba nthano ya mtsikana wa ku Angónia woitana mvula. Koma vuto lililonse akungolithetsa ndi matsenga. Ndikonze bwanji?"

Choyamba, achimwene, mupatseni mphamvu imodzi yokha. Aziitana mvula basi, asamachizenso matenda kapena kuuluka.

Kenako mtengo, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kungotopa si mtengo, chifukwa akagona amadzuka ali bwinobwino. Chimene walipira chisabwererenso. Tinene kuti mvula iliyonse imene waitana imamuchotsera chikumbukiro chimodzi cha munthu amene amamukonda. Ulendo woyamba aiwale nyimbo imene agogo ake ankaimba posinja chimanga. Wachitatu aime pakhomo akuyang'ana mayi ake, dzina lawo osalipeza. Ine zoterezi zimandigwira mtima kuposa mphezi zikwizikwi.

Chachitatu, ikani malire. Mvulayo sailenga, amaikoka kwina. Ikagwa ku Ulónguè, minda ya ku Tsangano iuma, ndipo eni mindayo abwera kudzafunsa.

Malamulowa muwalembe papepala, asapitirire atatu, ndipo owerenga awaone akugwira ntchito nthano isanafike pakati. Lamulo lotulukira kumapeto kuti limupulumutse mtsikanayo, owerenga amaliona ngati chinyengo.

Pomaliza yesani chonchi: pa vuto lililonse dzifunseni kuti, bwanji sakungoitana mvula? Yankho likasowa, mtengo wachepa. Likakhala lakuti watsala ndi chikumbukiro chimodzi chokha cha malemu bambo ake, pamene chimanga cha m'mudzi chafota mu Januwale, lembani chigawo chimenecho mosathamanga.