Muvi waloza pati? Kuzindikira mbali za mtima pa chithunzi cha Bayoloji

Ndikamachonga mapepala a Bayoloji a ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, funso limene limandiwawa mtima kwambiri ndi lija la chithunzi cha mtima wodulidwa pakati, chokhala ndi mizere inayi kapena isanu yotuluka kupita ku zilembo monga P, Q, R ndi S. Mwana amene mayina onse amawadziwa, amene mutamudzutsa pakati pa usiku angakutchulireni zipinda zinayi za mtima mosajejema, amataya malikisi onse pamenepa. Vuto lake amawerenga koma sanaphunzitsidwe kuyang'ana chithunzi. Malangizo awa ndikupereka kwa aphunzitsi anzanga ndi kwa ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE, ndipo ndikhala makamaka pa mtimawu chifukwa ndi pamene misampha yachuluka.

Msampha woyamba ndi wa kumanja ndi kumanzere. Chithunzi cha mtima amachijambula ngati mwini mtimayo waima moyang'anizana nanu. Munthu akakupenyani maso ndi maso, dzanja lake lamanzere limakhala mbali ya dzanja lanu lamanja. Choncho mbali ya kumanzere ya mtima imakhala kumanja kwa pepala, ndipo ya kumanja imakhala kumanzere kwa pepala. Ine ndimauza ana kuti anyamule pepalalo, alitembenuze ndi kuligunditsa pachifuwa chithunzi chikuyang'ana kutsogolo. Pamenepo mbali zimagwirizana ndi thupi lawo. Akatero kamodzi kapena kawiri saiwalanso.

Koma musadalire lamulo limeneli lokha, chifukwa wolemba mayeso atha kupendeketsa chithunzi kapena kuonetsa mbali imodzi yokha. Umboni weniweni uli pa makoma. Zipinda ziwiri zam'mwamba, maatiriyamu, zili ndi makoma opyapyala popeza ntchito yake ndi kungokankhira magazi m'chipinda cha m'munsi mwake, pafupi pomwepo. Zipinda ziwiri zam'munsi, maventiriko, zili ndi makoma okhuthala, koma sizifanana. Ventiriko ya kumanja imatumiza magazi ku mapapo, amene ali pafupi ndiponso ndi ofewa, kotero khoma lake mwa munthu wamkulu limakhala la mamilimita 3 mpaka 5. Ventiriko ya kumanzere imatumiza magazi thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka ku chala cha kuphazi, ndipo khoma lake limakhala pafupifupi sentimita imodzi, ngati kuwirikiza katatu. Ndiye musanawerenge chilembo chilichonse, pezani chipinda cha khoma lokhuthala koposa, mulembepo ndi pensulo kuti kumanzere. Zina zonse zichokera pamenepo.

Chimene chimathandiza kuposa tchati chilichonse ndi mtima weniweni. Mtima wa mbuzi uli ndi zipinda zinayi ngati wa munthu, ndipo pa msika sudula. Pitani m'mamawa mbuzi isanagawidwe, muuze wogulitsa nyama kuti asadule mitsempha ya pamwamba. Ngati n'kotheka mugule pamodzi ndi mapapo. Mukapita mochedwa mupeza mutu wa mtima wasengedwa kale, maatiriyamu ndi mitsempha zapita, mwatsala ndi nyama yokha. M'kalasi, ana avale magolovesi kapena majumbo m'manja, ndipo akamaliza asambe ndi sopo. Musanadule, aliyense afinye mbali ziwirizo ndi zala. Mbali imodzi imabonyoka mosavuta, ina ndi yolimba ngati mbatata yaiwisi. Yolimbayo ndiyo ya kumanzere, ndipo ndiyo imatsika mpaka ku nsonga ya mtima.

Tsiku lina tikuchita zimenezi mtsikana wina analowetsa kamtengo mu mtsempha woyera wokhuthala umene unali chapakati pamwamba, n'kudabwa kuona kamtengoko katulukira m'chipinda cholimba chija. "Sala, nanga mtsempha uwu uli pakati, bwanji walowa kumanzere?" Funso lake ndilo msampha wachiwiri, ndipo ndi umene umagwetsa ana anzeru.

Mitsempha ikuluikulu iwiri yotuluka m'maventiriko imapingasana pamwamba pa mtima. Eyota imachokera mu ventiriko ya kumanzere, koma pa zithunzi zambiri imaoneka ikukwera chapakati isanapinde ngati ndodo ya ambulera. Mtsempha wopita ku mapapo, palumonare atare, umachokera mu ventiriko ya kumanja, koma umadutsa kutsogolo kwa eyota n'kupendekera kumanja kwa pepala, kenako n'kugawika pawiri, nthambi imodzi ku phapo lililonse. Mwana amene amangoti "uwu uli pamwamba pa mbali ya kumanzere, ndiye ndi eyota" amalemba mosinthanitsa. Mankhwala ake ndi amodzi: ikani nsonga ya pensulo pamene muvi wathera, mutsatire mkati mwa mtsemphawo osadumpha mzere uliwonse, mpaka mugwere m'chipinda. Mukagwera m'chipinda cham'munsi cha khoma lokhuthala, ndi eyota. Mukagwera m'chipinda cham'munsi cha khoma lochepa, ndi wopita ku mapapo. Mukagwera m'chipinda cham'mwamba, mtsemphawo ndi wobweretsa magazi: vena kava ngati ndi atiriyamu ya kumanja, palumonare veni ngati ndi ya kumanzere.

Apa ndidandaulepo za matchati athu a mitundu. Timaphunzitsa ndi tchati chofiira ndi chabuluu, ana n'kusunga m'mutu kuti chofiira ndi atare, chabuluu ndi veni. Pa mayeso chithunzi chimabwera chakuda ndi choyera, mitundu palibe. Komanso lamulolo ndi lolakwika: atare ndi mtsempha wochotsa magazi mu mtima, veni ndi wobwezera magazi mu mtima, kaya magaziwo ali ndi okosijeni wambiri kapena wochepa. Palumonare atare imanyamula magazi a okosijeni wochepa kupita nawo ku mapapo, ndipo palumonare veni imabwera ndi magazi a okosijeni wambiri. Jambulani mtima pa bolodi ndi choko choyera chokha, ana azolowere kuuzindikira popanda mitundu.

Tsopano tiyese funso lathunthu. Chithunzi chili ndi zilembo zinayi. Mzere wa P wathera pa mtsempha wopindika pamwamba umene uli ndi tinthambi titatu toloza kumwamba. Mzere wa Q wathera pa tizikopa tiwiri topendekera pansi, pakati pa chipinda cham'mwamba ndi cham'munsi, kumanzere kwa pepala. Mzere wa R wathera mkati mwa mnofu wokhuthala umene uli pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi. Mzere wa S wathera pa malo oyera opanda kanthu, m'chipinda cham'munsi cha kumanja kwa pepala. Funso likuti tchulani P, Q ndi R, ndipo fotokozani chifukwa chake khoma lozungulira S ndi lokhuthala.

Tiyambe ndi khoma lokhuthala. Lili kumanja kwa pepala, lazungulira S, ndiye S ndi ventiriko ya kumanzere. P tikaitsatira ndi pensulo tikugwera mu S momwemo, ndiye P ndi eyota. Tinthambi titatu tija, topita kumutu ndi kumikono, tikungotsimikizira. Q ndi valavu, koma kulemba "valavu" kokha sikukwanira chifukwa mu mtima muli mavalavu anayi. Iyi ili pakati pa atiriyamu ndi ventiriko, mbali yosemphana ndi khoma lokhuthala, ndiye ndi ya kumanja, tirayikasipidi. Ana ambiri amawerenga tizikopa pa chithunzi, akaona tiwiri n'kulemba bayikasipidi. Musatero. Tirayikasipidi ili ndi tizikopa titatu ndipo bayikasipidi tiwiri, koma mtima ukadulidwa pakati, pa pepala onse amaoneka ngati ali ndi tiwiri. Chimene chimasiyanitsa ndi mbali imene ili. Mavalavu ena awiri, a semiluna, ali pa khomo la eyota ndi la palumonare atare, ndipo amajambulidwa ngati timatumba totsegukira kumwamba, opanda tizingwe. A pakati pa zipinda ali ndi tizingwe toyera towamangirira ku khoma la ventiriko kuti asatembenukire mmwamba magazi akamakankhidwa. Pa mtima wa mbuzi tizingweti timaoneka bwino ngati ulusi, ndipo mwana akatikoka ndi chala amaona kachikopa kakutsika.

R ndi pamene kupupuluma kumapweteketsa. Mzere wake wadutsa pamwamba pa chipinda usanafike pothera pake, ndiye wofulumira amalemba dzina la chipinda chimene mzere wadutsamo. Yankho lili pa nsonga ya mzere, osati m'njira. Ikani lula pa mzerewo, muutsatire kuchokera pa chilembo mpaka pamene inki yathera. Apa wathera mu mnofu wapakati, ndiye R ndi seputamu, khoma lolekanitsa magazi a mbali ziwirizi kuti asasakanikirane. Dzifunseni nthawi zonse: nsongayi yathera pa malo opanda kanthu, pa mnofu, kapena pa kamzere? Mayankho atatuwa ndi osiyana ngakhale atalikirane mamilimita awiri okha. Pa chithunzi cha selo ya chomera ndi chimodzimodzi: kunja kuli mizere iwiri yogundizana, wakunja wokhuthala ndi khoma la selo, wamkati wopyapyala ndi membureni, ndipo kulakwitsa pang'ono pothera muvi kumasintha yankho.

Pa funso la S, yankho loti "chifukwa imanyamula magazi ambiri" ndi lolakwika, ngakhale ndimalipeza pa mapepala ochuluka. Maventiriko awiriwa amatulutsa magazi ofanana kuchuluka pa kugunda kulikonse. Kusiyana kuli pa mphamvu yokankhira: ya kumanzere imafunika mnofu wambiri kuti ikankhe magazi mwamphamvu kufika thupi lonse, pamene ya kumanja imangowafikitsa ku mapapo.

Chenjerani ndi mivi ya mitundu iwiri pa chithunzi chimodzi. Mzere wowongoka wochokera pa chilembo kunja kwa chithunzi ndi wolozera chinthu. Timivi tating'ono tokhota tamkati mwa zipinda ndi mitsempha timaonetsa kumene magazi akulowera, ndipo ndi mphatso kwa inu: kamuvi kotuluka mu mtima kakukuuzani kuti mtsemphawo ndi atare. Pa chithunzi cha zamoyo zodyana, muvi uli ndi tanthauzo linanso, umachoka pa chodyedwa kuloza pa chodya, monga chimanga kupita kwa chiwala, chiwala kupita kwa nkhuku, chifukwa ukuonetsa kumene mphamvu ya m'chakudya ikupita.

Mayinawa ndawalemba monga timawatchulira, koma pa mayeso mudzawalemba m'Chingerezi monga alili m'buku lanu, ndipo dzina likhale lathunthu: ventiriko popanda kunena mbali yake, kapena palumonare popanda kunena ngati ndi atare kapena veni, ndi theka la yankho ndipo kawirikawiri silipatsidwa malikisi. Pokonzekera, jambulani mtima wopanda mayina pa mapepala angapo, mnzanu aikepo zilembo m'malo osiyanasiyana, zina pa mnofu, zina pa malo opanda kanthu, pepala limodzi alipendeketse dala. Pa yankho lililonse akufunseni kuti mwadziwa bwanji, ndipo mumuonetse ndi pensulo njira imene mwatsata kuchokera pa khoma lokhuthala.