Musanamize Duolingo pa mayeso oyamba

Mukayamba Chifalansa pa Duolingo, apu yophunzirira zinenero, imakufunsani kuti mukudziwa zochuluka bwanji, kenako imakupatsani mayeso aafupi kuti ione pokuyambitsani. Chonde yankhani zomwe zili m'mutu mwanu basi. Ine ndinafunsa mchemwali wanga mayankho angapo, ndinachita manyazi kuti Chifalansa cha kusekondale chinandithawa. Apuyo inandidumphitsa maphunziro oyambirira, n'kundiponya pa ziganizo zokamba zakale pomwe "être" ndi "avoir" zinkandisokonezabe.

Mayesowa amatsata mayankho anu: mukakhoza, mafunso amalimba, mukalakwa amapepuka. Yankho lobwereka limakukwezani pomwe simunafike. Mudzadziwa msanga, poti phunziro lililonse muzilakwitsa kangapo pa mawu omwe simunawaonepo. Zikatero bwererani kumaphunziro akumbuyo, amakhala otsegula.