Kandalama kobwerezabwereza pa sitetimenti ya ku banki

Kalaliki wina wamng'ono pa ofesi yogula fodya ku Kasungu anapatsidwa ntchito yofananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo mwezi uliwonse pankasowa K350. Akuluakulu ankati ndalamayo ndi yochepa, koma iye anayala masitetimenti a miyezi isanu ndi umodzi patebulo, nalemba mzere ndi pensulo pansi pa malipiro onse a banki. Anapeza kuti ndalama yosungira akaunti inkadulidwa kawiri, pa 28 ndi pa 30, ndipo mawu ofotokozera anali ofanana ndendende. Pamodzi zinakwana K2,100. Banki inavomereza kuti makina ake analakwitsa, ndipo inabweza zonse.

Mukakayikira zotere, musayang'ane mwezi umodzi wokha, chifukwa kudula kobwereza kumaoneka bwino masitetimenti akaikidwa moyandikana. Pemphani ndandanda ya malipiro ku nthambi yanu, muone ngati ndalamayo ikuyenera kudulidwa kamodzi pamwezi kapena pa ntchito iliyonse, popeza nthawi zina kudula kawiri kumakhala kolondola. Kenako lembani kalata yotchula masiku ndi ndalama zake, ndipo musunge kope lodindidwa ndi banki.