Momwe mungasankhire buku lopatsa munthu amene wataya kholo

Musapite ndi buku kusiwa. Masiku amenewo namfedwa sagona, ndipo ngakhale mzere umodzi sungalowe m'mutu. Dikirani anthu abalalike, papite masabata awiri kapena atatu, nyumba ikachita zii.

Musanagule, kumbukirani mmene khololo linamwalirira. Apa mpamene ine ndinalakwitsa. Msuweni wanga atataya mayi ake, omwe anadwala khansa kwa nthawi yaitali, ndinamugulira buku lachikuto chamaluwa nditangowerenga mawu akumbuyo. Osadziwa kuti mutu woyamba wonse unali wa m'wodi: madiripi, fungo la mankhwala, kupuma kobanika kwa wodwala. Chonsecho munthuyo ndiye anali gadiyani, ankagona pansi pa bedi la mayi akewo mpaka tsiku lomaliza. Anandibwezera bukulo patatha masiku atatu, nangoti, "Asuweni, izi ndinaziona kale ndi maso anga." Manyazi ake!

Kuchokera pomwepo ndimawerenga masamba khumi oyamba ndili chiimire m'sitolo momwemo, kenako mutu womaliza. Koyambako ndimafufuza ngati imfa yafotokozedwa mwatsatanetsatane, makamaka ngati ikufanana ndi ya malemuwo. Kumapetoko ndimaona ngati wolemba akulamula owerenga. Buku lodzaza ndi "limba mtima", "iwala", kapena londandalika masitepe achisoni ngati makalasi apulaimale ndimalibwezera pashelefu, chifukwa limachititsa namfedwa kudziona ngati walephera mayeso.

Onaninso kutalika kwa mitu. Wachisoni amawerenga tsamba limodzi maganizo n'kuthawa, ndiye pamafunika mitu yoti aimalize tiyi asanazizire. N'chifukwa chake kwa wodziwa Chingerezi ndimakonda Notes on Grief ka Chimamanda Ngozi Adichie, kamene kanatuluka mu 2021 bambo ake atamwalira mu 2020. N'kopyapyala, mitu yake n'njaifupi. Koma muli mkwiyo, mpaka wolembayo amaipidwa ndi mawu ena achipepeso, choncho sikoyenera aliyense. Kapatseni amene akudabwa kuti bwanji akupsera mtima anthu omupepesa.

Za ogulitsa m'mbali mwa msewu: mtengo ndi wotsika inde, koma mabuku ena ndi ongofotokopa, zilembo zofufutika, masamba ena mulibe. Phendani manambala a masamba musanalipire. Akaunjika ali bwino, bola muone kuti mwini wake wakale sanalembemo uthenga wa maliro ena.

Kwa wopemphera, mwina simufunika kugula chilichonse. M'Baibulo lake lomwelo ikani kapepala pa Salmo 23, Salmo 34 ndi Yohane 11, pamene Yesu analira pamanda a Lazaro. Yobu ayambe wadikira, mitsutso ya anzake aja imatopetsa.

Popereka musachite mwambo. Lembani dzina la malemu mkati mwa chikuto, lisiyeni patebulo, ndipo mukadzakumananso musafunse kuti afika tsamba liti.