Munthu akagwidwa ndi magetsi, zimitsani kaye musanamukhudze

Nyengo ya mvula kuno ku Mulanje pansi sipauma, ndipo chinyezi chimathandiza magetsi kudutsa m'thupi. Tiyerekeze kuti mayi akuyanika zovala alibe nsapato, osadziwa kuti waya woyanikapo wakhudzana ndi nthambo yosendeka yopita kunyumba yoyandikana nayo. Mayiyo akukuwa, dzanja lakanirira pa waya. Sikuti sakufuna kutaya ayi: magetsi a m'nyumba, a mavolti 230, amakungitsa minofu moti zala zimafumbata zokha.

Apa mtima umati muthamange mukamukoke. Chonde musatero. Thupi lake likadali ndi magetsi, ndipo mukamugwira, ovulala mukhala awiri. Musamuthirenso madzi. Thamangirani pamene pali mita mukazimitse switchi yaikulu ya nyumba imene nthamboyo yachokera. Ngati pali patali, imani pa thabwa louma, mutenge mtengo wouma ngati wa tsache, mukankhe wayayo achoke pa dzanja. Nsungwi yaiwisi, khasu kapena chitenje chonyowa, ayi.

Za mtengo woumazi ndi za magetsi a m'nyumba okha. Bulugamu akagwetsa mawaya a pamapolo, amene ena amanyamula mavolti 11,000 kapena 33,000, ngakhale dothi lozungulira limapha. Imani kutali, mamita osachepera 10, letsani ana, imbirani a ESCOM, ndipo musayandikire mpaka iwo atanena kuti azimitsa. Kudikira kotere n'kowawa, koma palibe njira ina.

Mayi uja akachoka pa waya, muitaneni mokweza, muone ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali. Ngati sakupuma, mtima wasokonezeka ndipo nthawi ndi yochepa. Mugonekeni chagada pamalo olimba, sanjikizani manja anu pakati pa chifuwa, mudinikize mwamphamvu chifuwa chizilowa masentimita 5, pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse. Mukadinikiza ka 30, muuzireni mpweya m'kamwa kawiri; ngati simungathe, ingopitirizani kudinikiza. Wina akhale akusaka galimoto, ndipo muzilandizana mukatopa.

Zomukwirira m'dothi kapena mumchenga kuti "magetsi atuluke" zimandidandaulitsa kwambiri. Magetsi satsalira m'thupi. Akachoka pa waya, mutha kumugwira bwinobwino. Kukwirira kumangomulepheretsa kupuma. Musamumwetse mkaka kapena madzi ali chikomokere, angatsamwe. Pamene wapsa thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, muvule mphete dzanja lisanatupe, muphimbe ndi nsalu yoyera. Mafuta, dzira ndi mankhwala otsukira mano musapake.

Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati ali woyembekezera. Kabala kapakhungu kamaoneka kakang'ono pomwe mkati minofu yapsa. Auzeni adokotala ngati anakomoka, ngati mtima ukugunda modumphadumpha, kapena ngati mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro choti impso zili pangozi.